Kuwerenga masiku pa ngongole, chiwongoladzanja ndi mapangano olembedwa: mafunso ndi mayankho

Invoisi yalembedwa pa 20 Januwale 2025 ndipo ikunena kuti ndalama zilipidwe pasanathe masiku 30. Tsiku lomaliza kulipira ndi liti?

Ndi pa 19 Febuluwale 2025. Tsiku limene invoisi yalembedwa siliwerengedwa, choncho tsiku loyamba ndi pa 21 Januwale. Kuchokera pa 21 mpaka pa 31 Januwale pali masiku 11, ndipo otsala 19 akugwera mu Febuluwale. Wogula amene walipira pa 19 Febuluwale walipira pa nthawi yake. Amene walipira pa 20 Febuluwale wachedwa ndi tsiku limodzi.

Anthu ambiri amalakwitsa pano m'njira ziwiri. Ena amayamba kuwerenga pa 20 Januwale pomwepo, n'kupeza 18 Febuluwale, ndipo amayamba kulipiritsa chilango munthu asanachedwe. Ena amaganiza kuti masiku 30 ndi mwezi basi, n'kulemba 20 Febuluwale. Onsewa aphonya ndi tsiku limodzi lokha, koma tsiku limenelo ndi limene limasiyanitsa munthu wolipira bwino ndi wophwanya pangano.

N'chifukwa chiyani tsiku loyamba silimawerengedwa?

Chifukwa si tsiku lathunthu. Invoisi ikhoza kulembedwa m'mawa, ikhozanso kulembedwa 4 koloko madzulo ofesi ili pafupi kutsekedwa. Mukaliwerenga tsikulo, wogula amalandira masiku 29 athunthu ndi kachidutswa chabe ka tsiku, pamene anamulonjeza 30. Popewa kukangana za maola, kachidutswako kamatayidwa, ndipo tsiku lomaliza limaperekedwa lathunthu.

Ku Malawi, lamulo lotanthauzira malamulo la General Interpretation Act limatsata mfundo yomweyi: nthawi ya masiku yowerengedwa kuchokera pa chinthu chimene chachitika siphatikiza tsiku limene chinthucho chachitikira. Lamuloli limakhudza nthawi zotchulidwa m'malamulo a dziko. Pa mgwirizano wa anthu awiri, mawu amene iwo analemba ndi kusainira ndi amene amayamba kuonedwa. Ngati analemba momveka kuti tsiku la invoisi liwerengedwe ngati tsiku loyamba, ndiye kuti liwerengedwa.

Nanga masiku 30 amenewa ayambira pa deti la invoisi kapena pa tsiku limene wogula wailandira?

Funso ili liyenera kuyankhidwa musanagwire kalendala. Pa malonda amodzi omwewo pamakhala madeti angapo: tsiku limene katundu wafika, deti lolembedwa pa invoisi, tsiku limene invoisi yalandiridwa ku ofesi ya wogula, ndiponso tsiku lomaliza la mwezi ngati pangano ndi loti ngongole zonse ziziwerengedwa pakutha pa mwezi. Invoisi ya pa 20 Januwale ija ikalandiridwa pa 27 Januwale, ndipo pangano likunena za tsiku lolandira, tsiku lomaliza likhala 26 Febuluwale. Pangano likakhala la masiku 30 kuchokera kumapeto a mwezi, kuwerenga kuyambira pambuyo pa 31 Januwale ndipo kukathera pa 2 Marichi.

Wogulitsa amene pangano lake likudalira tsiku lolandira aonetsetse kuti wolandira wadinda chidindo cha deti pa kope yake, kapena wasaina m'buku loperekera makalata. Popanda umboni umenewu, wogula atchula deti limene likumukomera, ndipo palibe pogwira pomutsutsa.

Wogula uja walipira pa 14 Epulo 2025. Wachedwa masiku angati, ndipo chiwongoladzanja ndi ndalama zingati?

Tinene kuti invoisiyo inali ya K3,650,000, ndipo pangano likuti wochedwa alipira chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa chaka.

Yambani ndi masiku. Tsiku lomaliza kulipira linali 19 Febuluwale, ndipo siliwerengedwa popeza pa tsikulo anali asanachedwe. Febuluwale wa 2025 ali ndi masiku 28, choncho otsala ndi 9. Marichi yense ali ndi masiku 31. Mu Epulo muli masiku 14, kuphatikiza tsiku limene walipira. Mukaphatikiza 9, 31 ndi 14 mupeza masiku 54.

Kenako pezani chiwongoladzanja cha tsiku limodzi. Gawo la 20 peresenti la K3,650,000 ndi K730,000 pa chaka. Mukagawa ndi 365 mupeza K2,000 pa tsiku. Masiku 54 akupereka K108,000.

```
chiwongoladzanja = ngongole x (peresenti / 100) x masiku / 365
3650000 x 0.20 x 54 / 365 = 108000
```

Ndi bwino kulemba chiwongoladzanja cha tsiku limodzi pa kalata yokumbutsa ngongole. Kalata yonena kuti pofika pa deti lakuti chiwongoladzanja chafika pakuti, ndipo tsiku lililonse chikuwonjezeka ndi K2,000, imathandiza wogula kudziwerengera yekha ndalama zoyenera pa tsiku limene ati alipire. Popanda zimenezi amalipira ndalama zolembedwa pa kalata patapita sabata, ndipo pamatsala kangongole kakang'ono kamene kamavutitsa m'mabuku.

Kodi tsiku lolipira likuyenera kuwerengedwa? Munthu wabweza kale ndalama pa tsikulo.

Chofunika n'chakuti pa madeti awiri a kumalekezero, limodzi lokha liwerengedwe. Chiwongoladzanja chimafanana ndi malipiro a chipinda ku resitihausi: mumalipira usiku umene mwagona, osati masiku amene mwaonekera pamalopo. Wofika Lolemba n'kuchoka Lachitatu wagona kawiri, ngakhale waponda masiku atatu. Ndalama zobwerekedwa pa 10 n'kubwezedwa pa 24 mwezi womwewo zagona kwa wobwereka maulendo 14.

Mabanki ambiri amawerenga tsiku limene ndalama zatuluka n'kusiya tsiku limene zabwezedwa. Ena amasiya loyamba n'kuwerenga lomaliza monga tachitira pamwambapa. Njira zonse ziwiri zimapereka yankho limodzi. Cholakwika ndi kuwerenga onse awiri, kumene kumabera wobwereka tsiku limodzi, kapena kusiya onse awiri, kumene kumaluzitsa wobwereketsa.

Kalaliki wa wogulitsa wapeza K109,500 pamene wa wogula wapeza K108,000. Masiku agwirizana kuti ndi 54. Kusiyanaku kwachokera kuti?

Mmodzi wagawa ndi 360, wina ndi 365. Pali njira zitatu zimene zimapezeka kawirikawiri m'makalata a ngongole, ndipo zimalembedwa ndi mayina awa.

Njira ya Actual/365 imawerenga masiku enieni a pa kalendala n'kugawa ndi 365. Ndi imene yatipatsa K108,000. Njira ya Actual/360 imawerenganso masiku enieni koma imagawa ndi 360, choncho chiwongoladzanja cha tsiku chimakwera kufika K2,027.78, ndipo masiku 54 amapereka K109,500. Njira imeneyi ndi yofala pa ngongole za m'madola a ku America. Zotsatira zake n'zakuti pa chaka chathunthu wobwereka amalipira zoposa pang'ono peresenti yolembedwa ija: 20 peresenti imasanduka pafupifupi 20.28.

Njira yachitatu, ya 30/360, imatenga mwezi uliwonse ngati wa masiku 30, ndi Febuluwale yemwe. Kuchokera pa 19 Febuluwale kufika pa 14 Epulo imapeza masiku 55: masiku 11 mu Febuluwale, 30 mu Marichi ndi 14 mu Epulo. Chiwongoladzanja chikhala K111,527.78. Ubwino wa njirayi ndi wakuti malipiro a mwezi ndi mwezi amakhala ofanana, koma pa nthawi yaifupi yodutsa mu Febuluwale imawonjezera masiku amene kulibe pa kalendala.

Ngongole imodzi, madeti omwewo, peresenti yomweyo, koma mayankho atatu osiyana ndi ndalama zoposa K3,500. Palibe amene walakwitsa masamu. Vuto ndi pangano limene linatchula peresenti osatchula chogawira. Pangano likakhala chete ndipo langonena kuti "pa chaka", kugawa ndi 365 ndiye kosavuta kuikira kumbuyo, chifukwa chaka chimene aliyense amachidziwa ndi cha pa kalendala. Wobwereketsa amene akufuna 360 alembe zimenezo m'pangano wobwereka asanasaine.

Nanga chaka chokhala ndi 29 Febuluwale?

Powerenga masiku, 29 Febuluwale ndi tsiku ngati lina lililonse ndipo liwerengedwe. Invoisi yomweyi ikanakhala ya 2024, kuchokera pa 19 Febuluwale kufika pa 14 Epulo pakanakhala masiku 55. Chaka chotsatira chotere ndi 2028. Chogawira chimatsata pangano: ena amasiya 365 chaka chilichonse, ena amagwiritsa ntchito 366 pa masiku ogwera m'chaka chotalikacho.

Wogula analipirako theka pa 14 Marichi, n'kumaliza pa 14 Epulo. Tiwerenge bwanji?

Dulani nthawiyo pa tsiku limene ndalama zasintha. Gawo loyamba ndi lochokera pa 19 Febuluwale kufika pa 14 Marichi, masiku 23, pa ngongole yonse ya K3,650,000. Pa K2,000 tsiku lililonse, zikukwana K46,000. Gawo lachiwiri ndi lochokera pa 14 Marichi kufika pa 14 Epulo, masiku 31, pa ngongole yotsala ya K1,825,000. Tsopano tsiku ndi K1,000, choncho zikukwana K31,000. Zonse pamodzi ndi K77,000.

Mukamaliza, phatikizani masiku a magawo onse. Apa 23 ndi 31 akukwana 54, ofanana ndi aja tinapeza poyamba. Mukapeza 55, ndiye kuti 14 Marichi mwaliwerenga kawiri, ngati tsiku lotseka gawo loyamba komanso lotsegula lachiwiri. Ichi ndi cholakwika chimene chimabisala kwambiri pa ngongole zobwezedwa pang'onopang'ono, chifukwa malipiro aliwonse, kupatula omaliza, amabweretsa tsiku lina lowonjezera. Pa ngongole yolipidwa maulendo khumi, masiku asanu ndi anayi abodza amakhala alowa. Njira yomweyi yodula ndi yophatikiza imagwiranso ntchito peresenti ikasintha pakati pa nthawi.

Onaninso chimene pangano likunena pa ndalama zolowa. Mapangano ambiri amati ndalama ziyambe zachotsa chiwongoladzanja chimene chaunjikana, zotsala n'kukachotsa ngongole yeniyeni. Zikatero, pa K1,825,000 ija, K46,000 ipita ku chiwongoladzanja, K1,779,000 ichepetsa ngongole, ndipo gawo lachiwiri liwerengedwa pa K1,871,000.

Pangano lathu likuti chilango ndi 2 peresenti pa mwezi kapena gawo la mwezi. Masiku akugwiranso ntchito?

Akugwira, koma mwa mtundu wina. Apa simugawa ndi 365. Mwezi woyamba wochedwa ukutha pa 19 Marichi, wachiwiri pa 19 Epulo. Wolipira pa 14 Epulo walowa m'mwezi wachiwiri, choncho alipira miyezi iwiri yathunthu: 4 peresenti ya K3,650,000, imene ndi K146,000. Wolipira pa 20 Marichi alipiranso K146,000 yomweyo, pamene wa pa 19 Marichi alipira K73,000. Pa mapangano otere tsiku limodzi limadula ngati mwezi wathunthu, choncho deti loyambira liyenera kutsimikizidwa bwino kuposa pena paliponse.

Mwezi umodzi ndi masiku 30 si chimodzimodzi?

Ayi. Mwezi umodzi kuchokera pa deti lakuti umathera pa deti lomwelo la mwezi wotsatira, kaya masiku apakatipo ndi 28 kapena 31. Mwezi umodzi kuchokera pa 20 Januwale ndi 20 Febuluwale, pamene masiku 30 athera pa 19. Mwezi umodzi kuchokera pa 20 Febuluwale 2025 ndi 20 Marichi, pamene masiku 30 akafika pa 22 Marichi. Nthawi zina mwezi ndi wautali, nthawi zina ndi waufupi.

Mwezi wotsatira ukakhala wopanda deti limenelo, mumatenga tsiku lake lomaliza. Mwezi umodzi kuchokera pa 31 Januwale 2025 ndi 28 Febuluwale. Samalani pokonza ndandanda ya malipiro a mwezi ndi mwezi: deti lililonse liwerengedwe kuchokera pa deti loyambirira, osati pa la mwezi wapitawo. Ngongole yoyamba pa 31 Januwale ilipidwa pa 28 Febuluwale, 31 Marichi ndi 30 Epulo. Mukamawonjezera mwezi pa deti lapitalo, ndandanda imakakamira pa 28 mpaka chaka kutha, ndipo wobwereka amaoneka wochedwa pamene sanachedwe.

Tsiku lomaliza likagwera Lamlungu kapena pa holide?

Tengani invoisi ya pa 31 Januwale 2025 ya masiku 30. Tsiku la 30 ndi 2 Marichi, lomwe linali Lamlungu. Lolemba pa 3 Marichi linali tsiku lokumbukira anthu amene anafera dziko la Malawi, ndipo mabanki anali otseka. Tsiku logwira ntchito lotsatira linali Lachiwiri pa 4 Marichi. Pa nthawi zoikidwa ndi malamulo a dziko, tsiku lomaliza likagwera Lamlungu kapena pa holide, nthawi imasunthira ku tsiku lotsatira limene si lopuma.

Pa mgwirizano wa malonda musangoganiza kuti zili choncho. Mapangano ena amasunthira kutsogolo, ena amati ndalama zilowe tsiku logwira ntchito la m'mbuyo mwake, lomwe apa likanakhala Lachisanu pa 28 Febuluwale. Ena amasunthira kutsogolo pokhapokha ngati kutero sikudumphira m'mwezi wina. Masiku ano, pamene munthu angathe kutumiza ndalama Lamlungu pa foni kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kunena kuti banki inali yotseka sikukhutiritsa aliyense. Pangano likakhala chete, wolipira wanzeru amalipira tsiku lopumalo lisanafike.

Maholide ogwera pakati pa nthawi, osati kumapeto, sasintha kanthu ngati pangano likunena masiku wamba. Chiwongoladzanja nachonso sichipuma Loweruka, Lamlungu kapena pa Khirisimasi.

Masiku ogwira ntchito amawerengedwa bwanji?

Mumadumpha tsiku loyamba, mapeto a sabata ndi maholide onse. Kalata yolandiridwa Lachiwiri pa 29 Epulo 2025, yofuna yankho pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, iwerengedwa motere. Pa 30 Epulo ndi tsiku loyamba. Pa 1 Meyi ndi holide ya apantchito. Pa 2 Meyi ndi lachiwiri. Sabata ya pa 5 mpaka 9 Meyi ikutifikitsa pa masiku 7. Pa 12 ndi 13 Meyi tikufika pa 9. Pa 14 Meyi ndi tsiku la Kamuzu, choncho tsiku la 10 ndi Lachinayi pa 15 Meyi. Akanakhala masiku 10 wamba, nthawi ikanatha pa 9 Meyi.

Pangano linene ngati Loweruka ndi tsiku logwira ntchito, popeza masitolo ambiri amatsegula pamene maofesi a boma amatseka. Ngati mbali ziwiri zili m'mayiko osiyana, linenenso maholide a dziko liti amene atsatidwe. Holide ya Eidi imatsata kuoneka kwa mwezi, choncho nthawi yodutsa pamenepo iwerengedwenso deti likalengezedwa.

Lendi ya nyumba ya miyezi 12 yoyamba pa 1 Marichi 2025 itha liti?

Itha pa 28 Febuluwale 2026, osati pa 1 Marichi 2026. Apa mfundo ija yosiya tsiku loyamba sikugwira ntchito, chifukwa pangano likuyamba pa tsikulo, ndipo wochita lendi ali ndi nyumba kuyambira tsiku lomwelo. Tsiku loyamba likawerengedwa, nthawi imathera dzulo lake la deti lofanana nalo. Mukalemba kuti lendi ndi ya pa 1 Marichi 2025 mpaka pa 1 Marichi 2026, mwalemba chaka ndi tsiku limodzi, ndipo pangano latsopano loyamba pa 1 Marichi 2026 lidzagundana ndi lakale.

N'chimodzimodzi ndi kontirakiti ya ntchito. Miyezi itatu yoyesedwa pa ntchito yoyamba pa 1 Juni imatha pa 31 Ogasiti, ndipo awa ndi masiku 92. Kalata ikanena masiku 90, nthawi itha pa 29 Ogasiti. Bwana amene akudikira pa 31 kuti apereke chigamulo apeza kuti nthawi yoyesa inatha kale.

Choncho dzifunseni ngati deti loyambalo ndi tsiku limene chinthu chinachitika n'kuyambitsa nthawi yodikira, kapena ndi tsiku loyamba kugwiritsa ntchito chinthu. Pa invoisi, notisi ndi chiwongoladzanja mumachotsera madeti basi. Pa lendi, ganyu ndi kubwereka galimoto kapena makina kolipira pa tsiku, mumachotsera madeti n'kuwonjezera 1. Waganyu amene wagwira tsiku lililonse kuyambira pa 10 mpaka pa 24 wagwira masiku 15, ngakhale ndalama zobwerekedwa pa madeti omwewo zimabala chiwongoladzanja cha masiku 14.

Polemba pangano latsopano, lembani deti loyambira ndi deti lothera onse awiri, ndipo muone ngati akugwirizana ndi kutalika kumene mwatchula. Ngati mwatchula miyezi 12 koma madeti akupereka china, mwabzala mkangano musanasaine.

Ndalama zimawerengedwa kuti zalipidwa tsiku liti: lotumiza kapena lolowa mu akaunti?

Pokhapokha pangano litanena zina, dalirani tsiku limene ndalama zafika kwa mwini wake ndipo angathe kuzigwiritsa ntchito. Cheke choperekedwa lero chimafunika kudutsa kaye ku banki, ndipo ndalama zotumizidwa kuchokera ku banki ina madzulo zikhoza kulowa tsiku logwira ntchito lotsatira. Sitetimenti ya ku banki nthawi zambiri imaonetsa madeti awiri, la pamene zalembedwa ndi la pamene banki yayamba kuziwerengera. Pa chiwongoladzanja, banki imatsata lachiwirilo.

Pa Excel tilembe chiyani?

Deti loyamba likakhala mu A2, lomaliza mu B2, ndipo maholide alembedwa mu H2 mpaka H15:

```
=B2-A2
=B2-A2+1
=A2+30
=EDATE(A2,1)
=EDATE(A2,12)-1
=WORKDAY(A2,10,H2:H15)
```

Mzere woyamba ukupereka masiku a chiwongoladzanja, wachiwiri masiku owerenga madeti onse awiri, wachitatu tsiku lomaliza la masiku 30, wachinayi mwezi umodzi kutsogolo, wachisanu tsiku lothera lendi ya miyezi 12, ndipo womaliza tsiku la 10 logwira ntchito. Dziwani kuti NETWORKDAYS imawerenga tsiku loyamba ndi lomaliza lomwe, pamene WORKDAY imayamba mawa lake, choncho mukaziyerekeza zimasiyana ndi tsiku limodzi ngati tsiku loyambalo ndi logwira ntchito. Excel sidziwa maholide a dziko lililonse mpaka mutawalemba nokha.

Vuto lalikulu limakhala pa kalembedwe ka madeti. Kompyuta yotcheredwa mwa ku America imatenga 03/04/2025 ngati 4 Marichi, pamene wolembayo amatanthauza 3 Epulo. Madeti opitirira 12, monga 14/04/2025, imawasiya ngati mawu chabe, ndipo amakhala kumanzere kwa bokosi pamene madeti enieni amakhala kumanja. Mukaona mzere wa madeti uli ndi ena kumanzere ena kumanja, kapena yankho likutuluka #VALUE!, imani kaye mukonze madetiwo, chifukwa ngakhale aja akuoneka abwino akhoza kukhala atatembenuzidwa tsiku ndi mwezi. Pa mapangano ndi mainvoisi, lembani dzina la mwezi m'mawu.